Kuika silaki ndi sapulasi musanayambe njira ya simpuleksi

Njira ya simpuleksi, yopezera pulani ya phindu lalikulu kwambiri kapena mtengo wochepetsetsa m'kati mwa malire amene alipo, imene George Dantzig anaikonza mu 1947 pamene ankagwira ntchito yokonza mapulani a asilikali a ndege a ku America, imagwira ntchito ndi maikweshoni okhaokha, kutanthauza mizere ya masamu imene mbali zake ziwiri n'zofanana ndendende. Koma malire a zinthu zimene timakumana nazo tsiku ndi tsiku sabwera choncho. Telala sanena kuti agwiritsa ntchito mamita 60 a nsalu ndendende, amanena kuti sangapitirire mamita 60 chifukwa ndi amene ali nawo. Mawu akuti "osapitirira" ndi akuti "osachepera" amalembedwa ndi zizindikiro ≤ ndi ≥, ndipo mzere wokhala ndi chimodzi mwa zizindikirozi umatchedwa inikwalite. Ntchito yoyamba ndiye ndi kusandutsa inikwalite iliyonse kukhala ikweshoni popanda kusintha tanthauzo lake, powonjezera chilembo choimira zotsala, chotchedwa silaki, kapena pochotsa chilembo choimira zopitirira, chotchedwa sapulasi. Pochonga ntchito za ophunzira ndaona kuti mayankho ambiri olakwika amalakwikira pomwepa, tebulo loyamba lisanajambulidwe n'komwe, ndipo kuwerengera konse kotsatira, ngakhale kukhale kosamala bwanji, kumangoyankha funso lina limene silinafunsidwe.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Telala wina amasoka yunifolomu ya sukulu, malaya ndi madiresi. Malaya amodzi amadya mamita 2 a nsalu ndi ola limodzi pa makina, ndipo amampatsa phindu la K3,000. Diresi imodzi imadya mamita 3 ndi maola 2, phindu lake ndi K5,000. Sabata ino ali ndi mamita 60 a nsalu ndi maola 36 ogwirira ntchito, komanso analandira kale oda ya malaya 10 amene ayenera kuwapereka zivute zitani. Tikati x1 ndi chiwerengero cha malaya, x2 ndi chiwerengero cha madiresi, ndipo z ndi phindu lowerengedwa m'masauzande a makwacha, funso lonse limalembedwa motere:

```
max z = 3x1 + 5x2
2x1 + 3x2 ≤ 60
 x1 + 2x2 ≤ 36
 x1       ≥ 10
 x1, x2 ≥ 0
```

Mzere woyamba wa malire ndi wa nsalu, wachiwiri ndi wa maola, wachitatu ndi wa oda.

Sitepe yoyamba: konzani mzere uliwonse musanawonjezere kanthu

Musanaganize za silaki kapena sapulasi, onetsetsani kuti zilembo zonse zili kumanzere kwa chizindikiro, nambala yokha ili kumanja, ndiponso kuti nambala ya kumanjayo si yochepera ziro. Mizere itatu ya telala wathu ili bwino kale, koma tiyerekeze kuti iye anawonjeza lamulo lakuti malaya asapose madiresi ndi chiwerengero chopitirira 4. Lamuloli limayamba kulembedwa ngati x1 ≤ x2 + 4. Wina akasamutsa zilembo akhoza kupeza x2 − x1 ≥ −4, ndipo akaona chizindikiro ≥ amathamangira kuchotsa sapulasi. Choyenera ndi kuchulukitsa mzere wonse ndi −1 kuti nambala ya kumanja ikhale 4, ndipo pochita zimenezi chizindikiro chimatembenuka, mzerewo n'kukhala x1 − x2 ≤ 4. Mzere umene unkaoneka ngati wofuna sapulasi wapezeka kuti ukufuna silaki, zomwe ndi zopepuka kwambiri monga tionera kutsogoloku. N'chifukwa chake chizindikiro chiyenera kuwerengedwa pambuyo pokonza mzere, osati poyamba. Lamulo lowonjezerali tilisiya pano, tipitiriza ndi mizere itatu ija.

Sitepe yachiwiri: pa mzere wa ≤ onjezerani silaki

Silaki ndi chilembo chatsopano choimira zimene zatsala osagwiritsidwa ntchito. Ganizirani telala ataima pa thebulo lake lodulira Loweruka madzulo, atasoka malaya 15 ndi madiresi 8. Malayawo adya mamita 30, madiresi adya mamita 24, onse pamodzi 54. Akatambasula chimene chatsala pa mpukutu n'kuchiyeza ndi tepi, apeza mamita 6. Mamita 6 amenewo ndiwo silaki ya nsalu, ndipo nsalu yogwiritsidwa ntchito mukaiphatikiza ndi yotsala imakwana 60 nthawi zonse, kaya wasoka zambiri kaya zochepa. Choncho timalemba 2x1 + 3x2 + s1 = 60. Chimodzimodzi pa maola: malaya 15 ndi madiresi 8 atenga maola 31 mwa 36, maola 5 makina angokhala chete, ndipo mzere wake ndi x1 + 2x2 + s2 = 36.

Pali mfundo ziwiri zofunika kuzigwira apa. Yoyamba ndi yakuti ikweshoniyo imanena zofanana ndi inikwalite yoyamba ija pokhapokha tikalemba kuti s1 ≥ 0. Popanda lamulo limeneli, munthu akhoza kusoka madiresi 30, kugwiritsa ntchito mamita 90, n'kunena kuti s1 ndi −30, ndipo ikweshoni ingavomere ngakhale nsaluyo kulibe. Tanthauzo lonse la mawu akuti "osapitirira" tsopano lasamukira m'lamulo lakuti silaki isatsike kupitirira ziro, ndiye kuliiwala ndi kufufuta malirewo.

Yachiwiri ndi yakuti mzere uliwonse umalandira chilembo chakechake. s1 imayezedwa m'mamita, s2 imayezedwa m'maola, ndipo palibe chifukwa chilichonse choti nambala ziwirizi zifanane. Ophunzira ena amalemba s imodzi m'mizere yonse iwiri, poganiza kuti akufupikitsa ntchito. Mukachotsa mzere wachiwiri ku woyamba m'malembedwe oterewa, s imazimiririka n'kutsala x1 + x2 = 24, kutanthauza kuti mwalamula telala kusoka zovala 24 ndendende, lamulo limene palibe anampatsa. Pulani ya malaya 15 ndi madiresi 8, imene taona kuti ndi yotheka bwinobwino, ikanakanidwa popanda chifukwa.

Sitepe yachitatu: pa mzere wa ≥ chotsani sapulasi

Pa mzere wa oda zinthu zatembenuka. Telala sakuletsedwa kupitirira 10, akuletsedwa kuchepera 10, choncho mbali ya kumanzere ndi imene ili yaikulu kapena yofanana ndi ya kumanja. Kuti mbali ziwirizi zifanane tiyenera kuchotsa kumanzere zimene zapitirirazo. Akasoka malaya 15, malaya 10 apita kwa mwini oda ndipo 5 atsala pa hang'ala kudikira ogula ena. Malaya 5 amenewo ndiwo sapulasi, ndipo mzere wake ndi x1 − s3 = 10, pamodzi ndi lamulo lakuti s3 ≥ 0. Onani kuti s3 payokha si nambala yochepera ziro. Chizindikiro chochotsera chili kutsogolo kwake m'ikweshoni, koma mtengo wake ndi 5, osati −5.

Kulakwitsa chizindikiro pa mzere umenewu ndi koopsa chifukwa yankho limene limatuluka silioneka lolakwika. Munthu akalemba x1 + s3 = 10, wasandutsa oda kukhala chiletso chakuti malaya asapitirire 10. Akapitiriza simpuleksi mpaka kumapeto adzapeza malaya 10 ndi madiresi 13, phindu la K95,000. Akayesa yankholi pa malire oyambirira, nsalu yadya mamita 59, maola 36, oda yakwanira, zonse zikuoneka kuti zili m'malo mwake. Komabe yankho lenileni ndi malaya 12 ndi madiresi 12, phindu la K96,000, ndipo iye sangalifikire chifukwa anadzitsekera yekha khomo lopitirira malaya 10. Kuyesa yankho lomaliza pa malire sikungaulule vuto limeneli. Limaululika poyesa mizereyo isanalowe mu tebulo, monga mwa sitepe yachisanu.

Mzere umene wabwera kale ndi chizindikiro = sulandira silaki kapena sapulasi, popeza palibe chotsala kapena chopitirira chimene chikuloledwa. Nawonso malamulo akuti x1 ≥ 0 ndi x2 ≥ 0 salandira sapulasi ngakhale ali ndi chizindikiro ≥, chifukwa njira ya simpuleksi imawasunga yokha m'kayendetsedwe kake, ndipo amangolembedwa pansi pa mizere yonse.

Sitepe yachinayi: lembani zilembo zatsopano mu mzere wa phindu

Nsalu yotsala pa mpukutu siibweretsa phindu sabata imeneyo, ndipo ola limene makina anakhala chete silibweretsanso kanthu. Choncho s1 ndi s2 zimalowa mu z ndi nambala 0 kutsogolo kwake. Pa s3 ena amakayika, n'kufunsa kuti malaya 5 opitirira oda aja sagulitsidwa kodi. Amagulitsidwa ndithu, koma phindu lawo lawerengedwa kale mu 3x1, popeza x1 ndi malaya onse 15, a oda ndi opitirira omwe. Kupatsa s3 phindu lake ndi kuwerenga malaya omwewo kawiri. Funso lonse tsopano likuoneka motere:

```
max z = 3x1 + 5x2 + 0s1 + 0s2 + 0s3
2x1 + 3x2 + s1           = 60
 x1 + 2x2      + s2      = 36
 x1                 − s3 = 10
 x1, x2, s1, s2, s3 ≥ 0
```

Ndimalimbikitsa kulemba chilembo chilichonse pansi pa chinzake monga zaonekera apa, ndi kusiya mpata pamene chilembo palibe, chifukwa mipata imeneyo ndi imene idzakhale maziro mu tebulo. Wolemba mothinana amasowa pamene ziro ayenera kukhala.

Sitepe yachisanu: yesani mizereyo ndi nambala zenizeni

Sankhani pulani imodzi imene mukudziwa ndi mutu wanu kuti ndi yotheka, ndi ina imene mukudziwa kuti ikuphwanya lamulo, kenaka werengerani masilaki ndi sapulasi. Pulani yotheka iyenera kupereka nambala zosachepera ziro zokhazokha. Malaya 15 ndi madiresi 8 apereka s1 = 6, s2 = 5 ndi s3 = 5, ndiye mizere yavomereza. Amene analemba x1 + s3 = 10 akanapeza s3 = −5 pa pulani yomweyi, ndipo akanadziwa nthawi yomweyo kuti chizindikiro chalakwika, popeza telala wosoka malaya 15 sanaphwanye oda. Posankha pulani yoyesera, pewani imene ili pa malire enieni, monga malaya 10, chifukwa pamenepo s3 ndi 0 kaya chizindikiro n'cholondola kaya ayi.

Pulani yosatheka iyenera kupereka nambala yochepera ziro pa mzere umene waphwanyidwa. Tengani malaya 8 ndi madiresi 14: nsalu yadya mamita 58 ndipo s1 = 2, maola akwana 36 ndipo s2 = 0, koma s3 = −2, kusonyeza kuti oda yaperewera ndi malaya awiri. Kuyesa kumeneku kumatenga mphindi ziwiri zokha, ndipo ineyo sindiyamba tebulo ndisanakuchite.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: pezani poyambira

Apa m'pamene kusiyana kwa silaki ndi sapulasi kumaonekera kwenikweni. Tili ndi maikweshoni 3 ndi zilembo 5. Simpuleksi imayamba poika zilembo ziwiri pa ziro n'kuwerengera zitatu zotsalazo, ndipo zitatuzo zimatchedwa zilembo za m'besisi. Kusankha kulikonse kotere kumene kwapereka nambala zosachepera ziro kumaimira ngodya imodzi ya dera la mapulani otheka pa girafu. Dera la telala wathu lili ndi ngodya zinayi: malaya 10 opanda diresi, malaya 30 opanda diresi, malaya 12 ndi madiresi 12, ndiponso malaya 10 ndi madiresi 13. Njirayi imayenda kuchoka pa ngodya ina kupita pa ina yoyandikana nayo, koma iyenera kuyambira pa ngodya yotheka.

Funso likakhala ndi mizere ya ≤ yokhayokha, poyambira pamapezeka mwaulere. Mumaika x1 = 0 ndi x2 = 0, kutanthauza kuti telala sanasoke kanthu, ndipo s1 = 60 ndi s2 = 36: mpukutu uli wathunthu, maola onse akadalipo. Zimenezi zimatheka chifukwa silaki iliyonse imapezeka mu mzere umodzi wokha, ili ndi +1 kutsogolo kwake, ndipo nambala ya kumanja si yochepera ziro, choncho mtengo wake umangowerengedwa kumanja kwa mzerewo. Ndi chifukwa chomwechi tinakonza nambala za kumanja mu sitepe yoyamba.

Tikayesa zomwezo pa mzere wachitatu, tipeza −s3 = 10, ndiye s3 = −10. Masamuwo akunena zoona, chifukwa telala amene sanasoke kanthu waperewera malaya 10 pa oda, ndipo kusasoka kanthu si pulani yotheka. Sapulasi yasandutsa mzere kukhala ikweshoni koma siingatipatse poyambira. Ena amayesa kuthawa vutoli pochulukitsa mzerewo ndi −1 kuti s3 ikhale ndi +1, koma akatero nambala ya kumanja imasanduka −10, ndipo vuto lija langosamukira mbali ina.

Yankho ndi kubwereka chilembo china chotchedwa atifisho, chimene tichilemba a1, n'kuchiwonjezera pa mzerewo: x1 − s3 + a1 = 10, pamodzi ndi a1 ≥ 0. Chilembochi sichiimira nsalu kapena ola. Tingachimve ngati ngongole ya malaya imene telala ali nayo kwa mwini oda. Poyambira tsopano ndi s1 = 60, s2 = 36 ndi a1 = 10. Mzere wa = nawonso nthawi zambiri umafuna atifisho pa chifukwa chomwechi, ngakhale sulandira silaki. Popeza ngongoleyo iyenera kutha, timailipitsa chilango chachikulu mu mzere wa phindu polemba z = 3x1 + 5x2 − Ma1, pamene M akuimira nambala yaikulu kuposa zonse za m'funsomo. Imeneyi ndi njira ya M wamkulu. Pa funso lofuna kuchepetsa mtengo wa zinthu, chilangocho chimalembedwa +Ma1. Palinso njira ya magawo awiri, imene imayamba yathetsa maatifisho onse isanayang'ane phindu, ndipo mizere imene takonzayi imalowa m'njira zonse ziwiri mosasintha.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: jambulani tebulo loyamba

Mzere wa phindu umasamutsidwira kumanzere n'kukhala z − 3x1 − 5x2 + Ma1 = 0, koma sunakonzeke kulowa mu tebulo. Chilembo chilichonse cha m'besisi chiyenera kukhala ndi 0 mu mzere wa z, ndipo a1 ili ndi M. Kuti M ameneyo achoke, chulukitsani mzere wachitatu ndi M n'kuuchotsa ku mzere wa z. Pansi pa x1 pakhala −3 − M, pansi pa s3 pakhala M, pansi pa a1 pakhala 0, ndipo kumanja kukhala −10M.

```
      x1    x2  s1  s2  s3  a1 |   b
s1     2     3   1   0   0   0 |  60
s2     1     2   0   1   0   0 |  36
a1     1     0   0   0  -1   1 |  10
z   -3-M    -5   0   0   M   0 | -10M
```

Tebulo lolondola limadziwika poyang'ana makolamu a s1, s2 ndi a1. Kolamu iliyonse ili ndi 1 mmodzi yekha pa mzere wake ndi maziro kwina konse, kuphatikizapo mzere wa z, ndipo nambala zitatu za kumanja kwa mizere ya malire palibe yochepera ziro. Kolamu ya s3 ili ndi −1, n'chifukwa chake s3 palibe pa mndandanda wa kumanzere. Amene waiwala kuchotsa M pansi pa a1 amaona −3 ndi −5 mu mzere wa z, nasankha x2 kuti ilowe poyamba, ndipo kuyambira pamenepo mzere wa z sukunenanso zoona za phindu lake.

Mu tebulo lolondola, nambala yochepetsetsa mu mzere wa z ndi −3 − M, choncho x1 ndiyo ilowa m'besisi. Tikagawa nambala za kumanja ndi za m'kolamu ya x1 tipeza 30, 36 ndi 10, ndipo yochepa kwambiri ndi 10 ya mzere wa a1, kotero a1 ituluka pa ulendo woyamba womwewu. Telala wasoka malaya 10 a oda, kwatsala mamita 40 ndi maola 26, ndipo phindu lili pa K30,000. Kolamu ya a1 ikhoza kufufutidwa tsopano, koma ya s3 iyenera kukhalabe, popeza s3 idzalowa m'besisi pamene malaya ayamba kupitirira 10.

Pa tebulo lomaliza, zilembo zimene tinawonjezera zija zimanena zambiri za yankho. Pa malaya 12 ndi madiresi 12, s1 = 0 ndi s2 = 0, kusonyeza kuti nsalu yatha ndipo maola atha, ndiye zinthu ziwirizi ndi zimene zikuletsa phindu kukwera. s3 = 2, kusonyeza kuti oda sikumupanikiza telala ngakhale pang'ono, popeza akanasoka malaya 12 ngakhale odayo pakanapanda. Nayo atifisho ili ndi uthenga wake ikakana kufika pa ziro. Odayo ikanakhala ya malaya 35, nsalu ya mamita 60 ikanalola malaya 30 okha, ndipo njirayi ikanaima a1 ili pa 5. Tebulo lotero silikupereka pulani yoti itsatidwe, likunena kuti malirewo akutsutsana, ndipo telala ayenera kugula mamita ena 10 a nsalu kapena kukakambirana ndi mwini oda kuti achepetse malayawo.